Mafunso ndi mayankho: chifukwa chake mfuti imakankha, ndiponso zimene kulemera kwa mfuti ndi buleki zimachita

Awa ndi mafunso amene alenje ndi alimi okhala ndi mfuti za laisensi kuno ku Lusaka amabwera nawo kawirikawiri tikakumana pa malo ophunzirira kulasa. Ambiri amayamba ndi funso la buleki, kachitsulo koika pakamwa pa mfuti kochepetsa kukankha, koma ine ndaliika pakati, chifukwa munthu samva bwino ntchito ya buleki asanadziwe kumene kukankhako kumachokera.

Kodi n'chiyani chimene chimakankha phewa mfuti ikalira?

Onga ukapsa m'kati mwa katiriji umasanduka mpweya wotentha kwambiri, wopanikizika, wosowa kothawira. Mpweyawo umakankha mbali zonse. Kutsogolo kuli chipolopolo, ndipo chimatuluka. Kumbuyo kuli chitsulo chotsekera mpope, chimene chagwirana ndi mfuti yonse, choncho mfuti yonseyo imabwerera m'mbuyo n'kupeza phewa lanu. Mphamvu imene yakankha chipolopolo ndi yomweyo imene yakankha mfuti, pa nthawi yofanana. Limeneli ndi lamulo lachitatu la Isaac Newton la kayendedwe ka zinthu, limene analisindikiza mu 1687.

Amene anawolokapo Kafue pa bwato laling'ono amazidziwa. Mukadumpha kuchoka m'bwato kupita kumtunda, bwato limathawira kumadzi. Simunafune kulikankha, koma palibe njira yodumphira popanda kulikankha. Chipolopolo ndi munthu wodumphayo, mfuti ndi bwato.

Ngati mphamvu zake n'zofanana, bwanji chipolopolo chimapha nyama koma mfuti singathyole phewa?

Chimene chimafanana mbali ziwirizi ndi momentamu, ndiko kuti kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake. Chimene chimavulaza ndi china, mphamvu imene timayeza m'majulo, ndipo imeneyi imakula kwambiri ndi liwiro, chifukwa liwiro limachulukitsidwa ndi liwiro lomwelo.

Titenge mfuti ya .30-06, imene ambiri kuno ali nayo. Chipolopolo cha magireni 180 chimalemera magalamu 11.7, ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 820 pa sekondi. Mphamvu yake ndi majulo oposa 3,900. Mfuti yolemera makilogalamu 3.6 yowombera chipolopolo chomwecho imabwerera pa liwiro la mamita 4 okha pa sekondi, ngati munthu wothamanga pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake ndi majulo pafupifupi 30. Kuti muone kukula kwake, majulo 30 ndi mphamvu imene chigubu cha malita atatu a madzi chimakhala nayo chikagwa kuchokera pa mita imodzi. Si chinthu chakupha, koma chikakugwerani pamalo amodzi kakhumi kotsatizana, mawa lake phewa lidzakhala litada.

Palinso kusiyana kwa malo amene mphamvuyo imafikira. Chipolopolo chimaboola ndi kansonga kochepa kuposa chala, pamene thako la mfuti limamwaza mphamvu yake pamalo aakulu ngati chikhatho.

Ndingawerengere bwanji kukankha kwa mfuti yanga?

Mufunika zinthu zinayi: kulemera kwa chipolopolo, liwiro lake, kulemera kwa onga, ndi kulemera kwa mfuti monga mmene mumainyamulira, ndi sikopu ndi lamba wake womwe. Ziwiri zoyambazo nthawi zambiri zimalembedwa pa bokosi la makatiriji. Mfuti muipime pa sikelo, itachotsedwa makatiriji onse.

```
p = (m1 × v1) + (m2 × v2)
V = p / M
E = p² / (2 × M)
```

Apa m1 ndi v1 ndi kulemera ndi liwiro la chipolopolo, m2 ndi v2 ndi za mpweya wa onga, M ndi kulemera kwa mfuti, p ndi momentamu, V ndi liwiro limene mfuti imabwerera nalo, E ndi mphamvu yake m'majulo. Zolemera zonse zikhale m'makilogalamu, liwiro m'mamita pa sekondi.

Chimene anthu amaiwala ndi onga. Onga ukapsa sutha, kulemera kwake konse kumasanduka mpweya, ndipo mpweyawo umatuluka pakamwa pa mfuti mothamanga kuposa chipolopolo. Mu .30-06 ya magireni 180 mumakhala onga wa magalamu pafupifupi 3.6. Liwiro la mpweya silipimidwa mosavuta, choncho owerengera amangotenga nambala yoyandikira, mamita pafupifupi 1,400 pa sekondi pa raifolo zamphamvu. Chipolopolo chikupereka 0.0117 kuchulukitsa ndi 820, ndiye 9.6. Mpweya ukupereka 0.0036 kuchulukitsa ndi 1,400, ndiye 5.0. Zonse pamodzi ndi 14.6. Mukagawa ndi 3.6 mupeza liwiro la mamita 4 lija, ndipo mzere wachitatu ukupatsani majulo 29.6.

Musunge nambala ziwirizo, 9.6 ndi 5.0. Zikusonyeza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a kukankha konse likuchokera ku mpweya, osati ku chipolopolo. Nkhani yonse ya buleki yagona pamenepo.

N'chifukwa chiyani mfuti yolemera imakankha pang'ono, katiriji ali yemweyo?

Chifukwa 14.6 uja sasintha, koma akugawidwa ndi nambala yaikulu. Mukakankha wilibala yopanda kanthu ndi dzanja limodzi imathamanga n'kukagunda khoma. Muikemo thumba la simenti, mukankhe chimodzimodzi, ingosuntha pang'ono. Mfuti yolemera imanyamuka mochedwa, ndipo imafika paphewa ngati kukankha kwa munthu, osati ngati chibakera.

Chaka china kunabwera bambo wina wa ku Chongwe ndi .30-06 yopepuka, ya mtengo wapulasitiki, yopanda sikopu. Anaigula dala chifukwa chopepuka, poti amayenda nayo mtunda wautali pafamu. Anawombera katatu, kachinayi anaika mfuti pansi n'kuyamba kusisita phewa. Anati, "Achimwene, mwina mfutiyi ili ndi vuto. Ya mlamu wanga ndi .30-06 yomweyi, koma siluma chonchi." Ndinati, "Bambo, tiyeni tiipime kaye." Sikelo inasonyeza makilogalamu 3.0. Ya alamu awo, ya mtengo weniweni ndi sikopu yaikulu, anati inali yolemera kwambiri m'manja, tiyerekeze makilogalamu 4.0.

Tinawerengera pa pepala la chandamale lomwelo. Pa makilogalamu 3.0, mfuti ikubwerera pa mamita 4.9 pa sekondi ndi majulo 35.5. Pa makilogalamu 4.0, ikubwerera pa mamita 3.7 ndi majulo 26.6. Kilogalamu imodzi yachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi. Mfuti inalibe vuto lililonse. Iwo anaika sikopu ndi zomangira zake, tinawonjezera cholemetsa m'kati mwa thako, mfuti inafika pa makilogalamu 3.8, ndipo majulo anatsika kufika 28. Atabweranso anamaliza bokosi la makatiriji 20 osadandaula.

Malire ake ndi awa. Kuti muchepetse mphamvuyo ndi theka, muyenera kuwirikiza kulemera kwa mfuti, ndipo palibe amene angayende tsiku lonse m'tchire la Luangwa mu Okutobala ndi mfuti ya makilogalamu 7. Phindu lalikulu lili pa kilogalamu yoyamba. Komanso cholemetsa chikhale chomangika ndithu, chifukwa chikamagwedera chimang'amba mtengo m'kati. Mukachiika chonse kumbuyo, kamwa la mfuti limapepuka n'kumayendayenda polozera, ndiye ndi bwino kugawa china kutsogolo, pansi pa mpope.

Buleki ya pakamwa pa mfuti ndi chiyani, ndipo imagwira bwanji ntchito?

Ndi kachitsulo kobowoka kamene kamamangidwa pa mazinga kumapeto kwa mpope. Pakati pake pali bowo lalikulupo pang'ono kuposa chipolopolo, m'mbali muli mazenera, ndipo pakati pa mazenerawo pali timakoma tachitsulo. Chipolopolo chimadutsa pakati osakhudza kanthu. Mpweya umene ukutsatira pambuyo umafutukuka, umamenya timakoma tija, n'kutulukira m'mbali.

Pamachitika zinthu ziwiri zimene kwenikweni ndi chimodzi. Mpweya umene wakhotetsedwa kupita kumanja ndi kumanzere sukupitanso kutsogolo, choncho sukukankhanso mfuti kumbuyo, ndipo wa kumanja ukufafaniza wa kumanzere. Pomenya timakoma tija, mpweyawo ukukokera mfuti kutsogolo, kuichotsa paphewa. Buleki zina mazenera ake amapendekera kumbuyo pang'ono, ndipo zimenezo zimagwira kwambiri, koma ndi zomwezonso zimene zimatumiza phokoso kumaso kwa wowombera. Zina zili ndi timabowo pamwamba, tokankhira kamwa la mfuti pansi kuti lisadumphe.

Imachepetsa kukankha ndi mlingo wanji?

Bwererani ku nambala ziwiri zija. Buleki ilibe chochita ndi 9.6 wa chipolopolo, ameneyo wapita kale. Imagwira pa 5.0 wa mpweya. Ikachotsa theka lake, 14.6 akutsika kufika 12.1, ndipo majulo 29.6 akusanduka 20.3. Ikachotsa gawo lonse la mpweya, patsala 9.6, ndipo majulo ndi 12.8, kuchepera theka la poyamba.

Anthu amadabwa kuti kuchotsa pang'ono chonchi kukubweretsa kusintha kwakukulu. Chifukwa chake ndi p² uja. Momentamu imachulukitsidwa ndi iyo yomwe, ndiye chilichonse chimene mwaichotsera chimawerengedwa kawiri, pamene kulemera kwa mfuti kumagawa kamodzi kokha. N'chifukwa chake kachitsulo kakang'ono kamachita zimene kilogalamu yathunthu ya cholemetsa singachite. Kuti mfuti ija ifike pa majulo 20.3 ndi kulemera kokha, iyenera kulemera makilogalamu oposa 5.

Kodi buleki imathandiza pa mfuti iliyonse?

Ayi. Imathandiza pamene onga ndi wochuluka poyerekeza ndi chipolopolo, ndiponso pamene mpweya ukadali wopanikizika kwambiri pofika pakamwa. Pa .300 Winchester Magnum, imene imawotcha onga wambiri kumbuyo kwa chipolopolo chofanana ndi cha .30-06, kusintha kumamveka nthawi yomweyo.

Pa shotigani ya 12 boo nkhani ndi ina. Katiriji wamba amaponya timipira ta magalamu 32 pa liwiro la mamita pafupifupi 400 pa sekondi, ndi onga wosakwana magalamu awiri. Pafupifupi kukankha konse kukuchokera ku timipira, ndipo buleki ilibe chogwira. Shotigani za mpope umodzi zimene zili m'mafamu ambiri a ku Chisamba zimaluma chifukwa n'zopepuka, zambiri sizifika makilogalamu 3. Mankhwala ake ndi cholemetsa, labala wabwino pathako, ndi makatiriji a magalamu 28 pamene mukungofuna nkhanga kapena njiwa. Pa .22 musataye ndalama, palibe choti muchepetse.

Kuipa kwa buleki n'kotani?

Makutu. Apa ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa phewa limachira pa masiku atatu koma khutu likawonongeka silibwerera. Raifolo yaikulu ikalira imafika pa madesibelo oposa 150 ngakhale popanda buleki, pamene 140 ndi malire amene kulira kumodzi kokha kungathe kuvulaza khutu. Popanda buleki, mbali yaikulu ya phokosolo imapita kutsogolo. Buleki imalikhotetsera m'mbali ndi kumbuyo, kumene kuli inu ndi anzanu. Chizindikiro chakuti mwavulala ndi kulira kwa m'khutu kosalekeza, ngati nyenje, kapena kumva ngati mwalowa madzi. Mukawombera ndi buleki valani zotsekera ziwiri, za m'kati mwa khutu ndi zophimba kunja.

Amene amavutika kwambiri si wowombera, koma woima pambali pake. Kutchire ameneyo amakhala wolondola mapazi a nyama, amene wakuikirani ndodo zotsamirapo mfuti ndipo waima mita imodzi kuchokera pa mpope, wopanda chotsekera makutu chifukwa ntchito yake ndi kumvetsera tchire. N'chifukwa chake alenje ambiri otsogolera alendo safuna buleki m'misasa yawo, ndipo ine ndili kumbali yawo. Munthu amene amadyera makutu ake sayenera kulipira kuti phewa lanu lisapweteke.

China ndi fumbi. Mukawombera mutagona pansi m'chilimwe, buleki ya mabowo ozungulira mbali zonse imaulutsa dothi ndi phulusa la lupsa, n'kukuthirani m'maso ndi pa galasi la sikopu, ndipo nyama simuionanso kumene yathawira. Ngati mumawombera mutagona, sankhani yopanda mabowo pansi.

Ndiike ndekha? Ndingadziwe bwanji kuti yaikidwa molakwika?

Kudula mazinga pa mpope ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti, osati ya wowotcherera mageti. Mazingawo ayenera kulunjika ndendende ndi bowo la m'kati mwa mpope, osati ndi khungu lake lakunja, chifukwa ziwirizi sizikhala zofanana nthawi zonse. Buleki ikapendekera, kapena ikakhala ya chipolopolo chaching'ono kuposa chanu, chipolopolo chimakhula khoma lake. Mudzaona zipolopolo zikumwazika pa chandamale, mabowo ena ali ataliatali osati ozungulira, ndipo mukayang'ana buleki, mfuti itachotsedwa makatiriji, mupeza mzere wonyezimira wa kopa m'mphepete mwa bowo. Mukaona zimenezi lekani kuwombera.

Ngakhale itaikidwa bwino, buleki imasintha kagwedezekedwe ka mpope, ndipo zipolopolo zimagwera malo ena. Mukaiika kapena kuichotsa, linganizaninso sikopu pa chandamale musanapite kutchire. Muziyesanso ndi dzanja ngati siinamasuke, mpope utazizira. Pa za malamulo, mfuti m'Zambia zili pansi pa lamulo la mfuti, chaputala 110 cha malamulo a dziko lino, ndipo musanasinthe chilichonse pa mpope ndi bwino kufunsa apolisi oona za malaisensi.

Mfuti ziwiri zolemera mofanana, katiriji yemweyo, bwanji ina imapweteka kuposa inzake?

Masamu aja amatiuza mphamvu ya mfuti yobwerera yokha, popanda munthu. Chimene thupi limamva chimadaliranso nthawi ndi malo. Labala wofewa pathako amafinyika, ndipo mphamvu yomweyo imalowa m'phewa pang'onopang'ono. Thako lalifupi komanso lopyapyala limaunjika mphamvu pamalo ochepa. Labala amauma ndi zaka ndi dzuwa, ndipo ndaona mfuti zambiri zakale zimene labala wake walimba ngati tayala. Mukamudina ndi chala chachikulu osalowa, musintheni. Palibe chinthu chotsika mtengo chimene chimathandiza kuposa ichi.

Kapangidwe ka mtengo kamalowanso. Mpope uli pamwamba, phewa lili m'munsi mwake, choncho mfuti pobwerera imatukula kamwa. Mtengo wokhota kwambiri kupita pansi umakulitsa kudumpha kumeneku, ndipo msana wa mtengo umamenya tsaya. Ambiri amene amati mfuti yawo imakankha, mukawafunsa bwino akuloza tsaya, osati phewa. Mtengo waufupi umabweretsa chala chachikulu pamphuno. Shotigani zodzibwezera zokha ndi mpweya zimamveka zofewa chifukwa zitsulo zoyenda m'kati zimatalikitsa nthawi ya kukankha.

Ndigwire bwanji kuti isandipweteke?

Thako likhale m'kachigwa ka pakati pa phewa ndi chifuwa, osati pa fupa kapena pa mkono, ndipo mulikokere m'thupi ndithu. Mukasiya mpata, mfuti imayamba yathamanga yokha kenako n'kukumenyani. Mukaigwira molimba, kulemera kwa thupi lanu kumaphatikana ndi kwa mfuti, monga tafotokozera pa funso la mfuti yolemera. Tsaya likhale pa mtengo, thupi liweramire kutsogolo pang'ono.

Kuwombera muli chiimire kumapweteka pang'ono chifukwa thupi limagonjera kumbuyo. Patebulo, mutawerama kwambiri, kapena mutagona pansi, thupi lilibe kopita. Musatsamire msana pa mtengo kapena pa galimoto powombera mfuti yaikulu. Ndipo diso likhale masentimita 8 kapena 10 kuchokera pa sikopu. Likayandikira, mkombero wa sikopu umadula chikope, makamaka powombera chokweza.

Kodi kukankha ndi kumene kumandiphonyetsa?

Kawirikawiri si kukankhako, koma kukuopa. Chipolopolo chimakhala mu mpope nthawi yoposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Pa nthawi imeneyo .30-06 ya makilogalamu 3.6 yasuntha mamilimita awiri okha. Kudumpha konse kumene mumaona kumachitika chipolopolo chitapita kale. Chimene chimaphonyetsa ndi thupi limene laphunzira kuti ululu ukubwera, ndiye limatsinzina, limakankhira phewa kutsogolo, ndipo chala chimatsomphola tiriga mfuti isanalire. Wogwiritsa dzanja lamanja zipolopolo zake zimakonda kugwera m'munsi.

Kuti mudziwe, pa malo ophunzirira kulasa mupemphe mnzanu akuikireni makatiriji inu osaona, asakanizemo kamodzi kabodza, kopanda onga, kamene amagulitsa kophunzirira. Mukafika pa kabodzako, mfuti ingoti kha, ndipo ngati kamwa lake lagwadira pansi, mwagwidwa. Muisunge italoza ku chandamale kwa kanthawi musanatsegule, monga mmene mungachitire katiriji weniweni akakana kulira. Chizolowezichi chimachoka ndi kuwombera kwambiri .22, ndi kuchepetsa makatiriji aakulu kukhala ochepa pa tsiku.

Ndiye ndiyambe ndi chiyani, cholemetsa, buleki kapena katiriji wina?

Ine ndimayamba ndi labala ndi kutalika kwa mtengo, kenako kagwiridwe, kenako katiriji. Mu .30-06 yomwe ija, chipolopolo cha magireni 150 pa mamita pafupifupi 880 pa sekondi chimatsitsa majulo kuchoka pa 30 kufika pafupifupi 25, ndipo n'chokwanira pa mphala ndi njiri. Pambuyo pake ndimawonjezera kulemera mpaka pamene mwini mfuti angathe kunyamula tsiku lonse.

Buleki ndimaisiyira anthu awiri: amene ali ndi phewa lovulala kapena lochitidwa opaleshoni, ndi amene amawombera zandamale zakutali ndipo afuna kuona m'sikopu pamene chipolopolo chagwera. Kwa amenewa ndi chida chabwino zedi. Kwa mlenje wa .375 H&H, katiriji amene kampani ya Holland & Holland inatulutsa mu 1912 ndipo mpaka lero ndi amene ambiri amatengera njati, kukankha kumafika majulo 50 kapena kuposa pa mfuti ya makilogalamu 4. Ndimamulangiza mfuti yofika makilogalamu 4.5, ndi kuphunzira ali chiimire pa ndodo. Ngati buleki ikufunikabe, agule yomasula, aziphunzira nayo atavala zotsekera ziwiri, ndipo asanapite kutchire aichotse, atseke mazinga ndi kachivindikiro kake, awombere katatu pa mamita 100 kuti aone pamene zipolopolo zikugwera tsopano.